NKHUNI ZA UVUNI ZIMAPITA KUTI? Mau amene anayankhulidwa pa msonkhano wa nthambi ku Nkhotakota

Komiti ya nthambi yandipempha kuti ndiyankhule za kuotcha njerwa, popeza mpunga takolola, mvula yatha, ndipo zikombole zatuluka kale m'midzi yonse kuyambira ku Chia mpaka ku Dwangwa. Tamverani bwino, chifukwa nkhani iyi ndi ya m'thumba mwanu.

Mukudziwa nonse kuti nkhuni za uvuni zakwera mtengo ndipo zikuchokera kutali. Kumadzulo kwathu kuli nkhalango ya boma yosungiramo nyama, imene a African Parks anayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo munthu wolowamo ndi nkhwangwa adziwa yekha chimene chimgwera. Tsono oumba njerwa atembenukira ku mango, ku misuku ndi ku mitengo ya m'mbali mwa Bua ndi Kaombe, yomwe amai amadalira pophika. Anthu amene anafufuza za njerwa m'dziko muno anayerekeza kuti mauvuni a Malawi amadya nkhuni matani 850,000 pa chaka. Mu 2018 boma linaika lamulo, kudzera m'bungwe la zomangamanga la NCIC, loletsa njerwa zootcha mwa kale pomanga nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda. Koma munthu wa kumudzi akufunabe nyumba ya njerwa, ndipo aziotchabe. Funso lathu nali: kodi tingaotche bwanji njerwa zomwezo ndi nkhuni zochepa ndi utsi wochepa?

Mau anga onse atsamira pa chinthu chimodzi. Mwa nkhuni zimene mumaponya pa makomo a uvuni, zochepa zokha ndizo zimapsereza njerwa. Zambiri zimathera kuwiritsa madzi, kutenthetsa mphepo, ndi kukwera kumwamba ngati utsi wakuda. Akuba atatu amenewa, madzi, mphepo ndi utsi, tiwagwire mmodzimmodzi.

Tiyambe ndi madzi. Dothi silisanduka njerwa yeniyeni kufikira litatentha pafupifupi madigiri 900. Madzi amawira pa madigiri 100. Chotero njerwa ikakhala ndi chinyontho m'kati, siingayambe kupsa mpaka madzi onsewo atatuluka ngati nthunzi, ndipo amene amalipira kutulutsa madziwo ndinu, ndi nkhuni zanu. Kuno kunyanja bvuto limeneli ndi lalikulu, chifukwa mvula imachedwa kutha, nthaka imakhala yonyowa pansi, ndipo usiku kumagwa mame. Njerwa imaoneka youma kunja pamene m'kati mwake mukali mwauwisi.

Tiyeni tiwerengere. Tengani njerwa khumi pa mulu umene mukuti wauma, muziyese pa sikelo yogulira mpunga. Tinene kuti zalemera makilogalamu 33. Zisiyeni pa dzuwa masiku atatu, muziyesenso. Zikatsika kufika makilogalamu 30, ndiye kuti munali madzi okwana malita atatu m'njerwa khumizo. Kodi malita atatu nkanthu? Pa njerwa khumi si kanthu. Koma pa uvuni wa njerwa 27,000 ndi malita 8,100, ndiwo migolo makumi anai ya malita 200. Ndani mwa ife angavomere kuwiritsa migolo makumi anai ya madzi mpaka iphwe yonse? Nchito imeneyo yokha ifuna nkhuni zouma pafupifupi tani imodzi ndi theka, ngakhale moto wonse ulunjike m'madzimo osatayikako. Dzuwa likanakuchitirani nchito imeneyo kwaulere.

Motero lamulo loyamba ndi ili: musasanje uvuni kufikira sikelo italeka kutsika. Amene alibe sikelo aswe njerwa imodzi pakati. Ngati m'kati muli mobiriwira ndi mozizira kusiyana ndi kunja, siinaume. Poumitsa, masiku oyamba ziphimbeni ndi udzu kuti dzuwa ndi mwera zisazing'ambe, makamaka ngati dothi lanu ndi makande a ku dambo, amene amakhwinyata kwambiri pouma. Zikalimba ziimikeni cham'mbali, ndipo pambuyo pake muzisanje m'mizere yokhala ndi mipata kuti mphepo izipita pakati. Pansi pa uvuni paikeni njerwa zakale zakupsa, ndipo malo ake akhale okwera, chifukwa nthaka yonyowa nayonso imamwa moto.

Nkhuni nazonso ziri ndi madzi ake. Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Moto wa nkhuni zaziwisi ndi wofooka, umafuka kwambiri, ndipo umachedwa kufika pa kutentha kumene dothi limafuna, kotero kuti usiku umodzi wootcha umasanduka usiku uwiri. Chipika chachikulu chosawaza sichiuma ngakhale chikhale miyezi itatu. Chiwazeni, chifike kukula ngati ntchafu ya munthu, musanje pamwamba pa mitengo iwiri kuti chisagunde pansi. Munthu wanzeru amayamba kuumitsa nkhuni asanayambe kuumba.

Wakuba wachiwiri ndi mphepo, ndipo iye amalowera pa khungu la uvuni, ndiko kunena m'mbali monse ndi pamwamba. Apa ndipo pali nkhani imene ndikufuna nthambi ino iigwire ndi manja awiri.

Taganizani uvuni waung'ono wa banja limodzi, wa mamita awiri m'litali, awiri m'lifupi, awiri msinkhu. Mumalowa njerwa ngati 3,000. Mutati muuphimbe ndi mphasa za mita imodzi m'lifupi ndi mamita awiri m'litali, mbali zinai ndi pamwamba, mufuna mphasa khumi. Mabanja asanu ndi anai akaotcha payekhapayekha, njerwa zonse ndi 27,000, ndipo khungu lonse ndi mphasa 90. Tsopano mabanja omwewo asonkhanitse njerwa zao, amange uvuni umodzi wa mamita asanu ndi limodzi m'litali, anai m'lifupi, atatu msinkhu. Njerwa ndi zomwezo, 27,000. Koma kuuphimba wonse kufuna mphasa 42 zokha. Khomo lothawirapo moto lachepa kuposa theka, chikhalirecho simunagule kanthu kalikonse.

Pali phindu lachiwiri. Njerwa za kunja kwa uvuni ndizo zimatuluka zosapsa bwino, zotuwa, zosungunuka pa mvula. Mphasa imodzi imaphimba njerwa ngati 120. Pa uvuni waung'ono uja, njerwa 1,200 mwa 3,000 ziri kunja, ndiye ziwiri mwa zisanu zirizonse. Mauvuni asanu ndi anai pamodzi ali ndi njerwa zoposa 10,000 zokhala pa mphepo. Pa uvuni waukulu uja ziri ngati 5,000 basi. Amai amadziwa kale zimenezi: mphika umodzi waukulu wa nsima sudya nkhuni zofanana ndi timiphika tisanu ndi tinai pa mafuwa asanu ndi anai. Wina adzati, "Nanga njerwa zanga ndidzazidziwa bwanji?" Khomani chizindikiro m'chikombole chanu, mlembi wa nthambi alembe chiwerengero cha banja lirilonse, ndipo njerwa za m'mbali zigawidwe mofanana kuti pasakhale wodandaula. Mutu umodzi susenza denga.

Koma kukula kuli ndi malire ake. Musapitirire mamita anai m'lifupi, pakuti nkhuni zoponyedwa kuchokera mbali zonse ziwiri ziyenera kukumana pakati pa ngalande ya moto. Mukafuna kuonjeza, onjezani m'litali, muonjezenso makomo. Posanja siyani mpata wa chala chimodzi pakati pa njerwa. Mukathinitsa moto sukwera, mukatakasa umangodutsa osagwira nchito.

Khungu lotsalalo livekeni. Njerwa zosapsa bwino za chaka chatha musataye ai, zimangireni kuzungulira uvuni watsopano ngati malaya, ndipo zina mwa izo zidzapsa ulendo uno. Pamwamba pake matani ndi matope ochindikala ngati chikhato. Moto ukayaka matopewo adzang'ambika. Pakhale mnyamata mmodzi wokhala ndi ndowa ya matope, nchito yake kuzungulira ndi kutseka ming'alu. Usiku ndipo muona bwino: paliponse pamene pakutuluka kuwala kapena utsi m'mbali, pamenepo pakutuluka ndalama.

Za mwera sindifuna kukuphunzitsani, asodzi ali pompano. Mphepo imeneyi imaomba kuchokera kumwera m'miyezi yachisanu, ndipo ikalowa pa khomo la uvuni imakankhira moto wonse mbali imodzi. Potsegula mupeza mbali ya kumwera yosapsa, mbali ya kumpoto yopsereratu, njerwa zopindika ndi zomatana. Chotero makomo asayang'ane kumwera. Khalani ndi malata akale otsekera makomo a mbali imene mphepo ikuchokera, musiye kampata pansi kolowera mpweya, ndipo mphepo ikatembenuka, monga ichitira kuno pakati pa usana ndi usiku, sunthani malatawo. Amene angathe kudikira, aotche mu Seputembala kapena Okutobala, mwera utagona ndiponso njerwa zitaumitsitsa. Ndipo uvuni usakhale kumwera kwa mudzi kapena kwa sukulu, kuopa kuti utsi wonse ungathere m'zifuwa za ana.

Wakuba wachitatu ndi utsi, ndipo iyeyu amadziulula yekha kwa munthu wodziwa kuuwerenga. Utsi woyera ndi madzi. Utsi wakuda ndi nkhuni zimene munagula koma sizinapse.

Poyamba kolezani moto waung'ono pakamwa pa makomo, pamwamba pa uvuni pali posatseka, ndipo mukhale nao tsiku lathunthu kapena masiku awiri. Anyamata amaona ngati kutaya nthawi. Koma mukafulumira nthunzi imatsekeredwa m'kati mwa njerwa ndi kuziphulitsa, mudzamva kuthetheka. Ndiponso nthunzi yochokera pansi imakafika pa njerwa zozizira za pamwamba, nkuzinyowetsa, nkuzifewetsa, ndipo zimaphwanyika ndi kulemera kwa zinzake. Mudziwa bwanji kuti madzi atha? Tengani khasu kapena chikwanje chozizira, muchigwire pamwamba pa uvuni kamphindi. Chikachita thukuta, madzi akalipo. Chikatuluka chouma, nthawi yakwana. Pamenepo phimbani pamwamba ndi njerwa zogoneka ndi dothi louma kapena phulusa, musiye timabowo pang'ono m'ngodya ndi pakati. Timabowo timeneti ndito chiongolero chanu: moto umatsata kumene kwatseguka. Ngodya ikatsalira, tsegulani bowo la pamenepo, mutseke la kumene kwafiira kale.

Kenaka kwezani moto pang'onopang'ono. Pa madigiri 573 mchenga umene uli m'dothi umatupa mwadzidzidzi, ndipo dothi lathu la kufupi ndi nyanja liri ndi mchenga wambiri. Nthawi imeneyi ndi pamene njerwa za m'ngalande zatsala pang'ono kuyamba kufiira mumdima. Mukathamangitsa moto pamenepo mudzapeza njerwa zong'ambika. Zikafiira ndithu, ndiye onjezani moto kufikira mtundu wake uchoke pa kufiira kwa makala, ufike pa kuwala ngati lalanje lakupsa. Pamenepo ndiye pa madigiri 900 kapena 1,000.

Kaponyedwe ka nkhuni ndiko kamabala utsi wakuda. Chizolowezi chathu ndi kudzaza khomo mpaka pakamwa kuti tikagoneko pang'ono. Nkhuni zikatentha zimatulutsa mpweya woyaka, ndipo mpweya umenewo ufuna mphepo yokwanira kuti uyake. Khomo likadzaza mphepo ilibe polowera, mpweya uja umatuluka wosayaka, wakuda bii. Pakapita nthawi nkhuni zatha, khomo liri pululu, mphepo yozizira ikungodutsa ndi kuziziritsa zimene munatenthetsa. Mwataya kawiri. Njira yake ndi kuponya pang'ono koma kawirikawiri, ngalande isadzaze kupitirira theka, ndi kupalasa makala ndi phulusa kuti mphepo ipite pansi pa nkhuni. Ponyani, yang'anani kumwamba. Utsi wakuda ukakhalitsa, mwaponya zambiri. Nchito yotere ifuna kulandizana, magulu awiri kapena atatu usiku wonse, ndipo ichi ndi chifukwa china chootchera pamodzi. Mowa udikire tsiku lotseka makomo.

Pamwamba ponse pakafiira, sungani moto womwewo maola angapo kuti kutentha kulowe mpaka m'mtima mwa njerwa. Kenaka tsekani makomo onse ndi njerwa ndi matope, musiye sabata yathunthu. Kutentha kotsekeredwako kumapitiriza kupsereza popanda chikuni nchimodzi chomwe. Wotsegula msanga amalowetsa mphepo yozizira, njerwa nkung'ambika.

Tsopano ndinene za chinthu chimene Nkhotakota ali nacho chochuluka, ndicho mankhusu a mpunga. Pa thumba la mpunga wosapuntha la makilogalamu 50, pafupifupi makilogalamu khumi ndi mankhusu. Kilogalamu ya mankhusu imatentha pang'ono kuchepera kilogalamu ya nkhuni zouma. Pa zigayo ali milumilu. Anzathu a ku Mwanza m'dziko la Tanzania, m'mbali mwa nyanja ya Victoria, anaphunzira kuotcha njerwa ndi mankhusu a mpunga ndi zinyalala za thonje popanda nkhuni, ndipo bungwe lao lomanga nyumba za kumidzi linalandira mphotho ya Ashden mu 2006 chifukwa cha nchito imeneyi. Pootcha ndi mankhusu njerwa zimasanjidwa ngati zipupa zokhala ndi mipata pakati, mankhusu amathiridwa m'mipatamo kuchokera pamwamba, ndipo amanyeka pang'onopang'ono masiku angapo. Chobvuta chake ndi phulusa, pakuti gawo limodzi mwa magawo asanu a mankhusu limatsala phulusa, ndipo mukapanda kulipalasa pansi limatsamwitsa moto.

Poyambira pafupi ndi apa: sakanizani mankhusu m'dothi lomwe poponda. Njerwa yotere imauma msanga, siing'ambika kwambiri, ndipo ikatentha imadzipsereza yokha kuchokera m'kati. Koma chenjerani, mankhusu akapsa amasiya timabowo, ndipo mukachulutsa njerwa imapepuka ndi kufooka. Opera bwino ndiwo abwino kuposa athunthu. Yesani motere. Umbani njerwa zana limodzi ndi ndowa imodzi ya mankhusu pa ndowa khumi za dothi, zana lina ndi ndowa imodzi pa zisanu, muziike chizindikiro, muziotche pakati pa uvuni pamodzi ndi zinzake. Zikapsa gundanitsani ziwiri: yakupsa imalira ngati chitsulo, yosapsa imalira ngati chikuni. Igwetseni kuchokera m'chiuno pa nthaka yolimba. Iviikeni m'madzi usiku wonse, m'mawa muikande ndi chikhadabo. Iswani pakati: mukapeza mtima wakuda, ndiye kuti moto unathamanga, kunja kunatsekeka mankhusu a m'kati asanathe kupsa. Muyeso umene wapambana mayeso onsewa pa dothi lanu ndiwo muutsate, pakuti dothi la pa chulu, katondo ndi makande sizilandira mofanana.

Ena afunsa za malasha. Malasha amakumbidwa ku Mchenga m'boma la Rumphi, ndiponso ku Moatize m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Kilogalamu yake imatentha kuposa kilogalamu ndi theka ya nkhuni zouma. Pa uvuni wathu wamba amawazidwa osinjasinja pakati pa mizere ya njerwa posanja, nkhuni nkungokhala zoyatsira. Ubwino wake ndi wakuti moto umayakira pa njerwa pomwepo. Kuipa kwake ndi mtengo wa galimoto yowabweretsa kuno, utsi wake wotsamwitsa umene suyenera kukhala pafupi ndi nyumba, ndiponso kuti mukathira ochuluka simungawachotsenso, njerwa zimasungunuka ndi kumatana. Munthu asagone pafupi ndi uvuni wa malasha pofuna kuothera, mpweya wake umapha mwakachetechete.

Kumene malasha amagwira nchito bwino ndi mu uvuni wa mtundu wina wotchedwa VSBK, umene unayambira ku China, ndipo unamangidwa ku Mthyoka m'boma la Lilongwe mothandizana ndi bungwe la CCODE ndi akatswiri a ku India. Uli ngati chumuni chachitali. Njerwa zaziwisi zimalowa pamwamba pamodzi ndi malasha osinja, moto umakhala pakati osasuntha, ndipo njerwa zakupsa zimatsitsidwa pansi ndi jeke. Mphepo yolowa pansi imaziziritsa njerwa zakupsa nkutenga kutentha kwake kupita nako ku moto, ndipo utsi wotentha pokwera umaumitsa njerwa zaziwisi za pamwamba. Kutentha kumodzi kumagwira nchito katatu. Nchifukwa chake moto umene umafunika pa njerwa imodzi sufika theka la wa uvuni wathu. Koma umafuna ndalama zambiri pomanga, antchito usana ndi usiku osazimitsa, ndi msika wogula njerwa masiku onse. Si wa banja limodzi ai. Ndautchula kuti muone kuti dothi lokha silifuna moto wambiri. Wambiri timautaya ndife.

Ndimalize ndi pempho kwa komiti. Chaka chino uvuni uliwonse wa mamembala ulembedwe m'buku la nthambi zinthu zitatu: ngolo za nkhuni zimene zalowa, njerwa zimene zasanjidwa, ndi njerwa zabwino zimene zatuluka. Chiwerengero choona ndi cha njerwa zabwino pa ngolo imodzi. Tinene kuti wina waotcha njerwa 3,000 ndi ngolo zinai, zabwino nkutuluka 2,000: ngolo yake yabala njerwa 500. Gulu laotcha 27,000 ndi ngolo 24, zabwino nkutuluka 24,000: ngolo yao yabala 1,000. Manambala awa ndapereka ngati chitsanzo cha kawerengedwe, enieni adzachokera m'buku lanu. Pa msonkhano wa Novembala, mvula isanagwe, mlembi adzawerenge bukulo pamaso pa onse, ndipo amene ngolo yake yabala zambiri adzaimirire kutiuza m'mene anachitira.

Oumba a m'mudzi umodzi atsale tikabalalika, kuti asankhe malo a uvuni ndi tsiku losanja.